Magetsi Akakuthobwani Usiku, Fufuzani Kaye Pamene Kuwala Kukumwazikira

Madalaivala ambiri amene amadandaula kuti magetsi a galimoto zobwera kutsogolo akuwathobwa m'maso amathamangira kukagula magalasi. Ena amatola achikasu aja pamsika, ena amakalipira ndalama zambiri kuti awaikire kotingi, timiyalo toletsa kunyezimira timene amamata pa magalasi. Pakapita sabata amapeza kuti palibe chasintha, nkumati magalasi a masiku ano ndi achabechabe. Chonsecho cholakwika sichinali pa magalasi. Kuwala kochokera ku galimoto ya mnzanu kumadutsa malo atatu kasanafike kumbuyo kwa diso kumene chithunzi chimapangika. Koyamba ndi galasi lakutsogolo la galimoto, kenako magalasi a maso ngati mumavala, ndiyeno diso lenilenilo. Paliponse pa malo atatuwa kuwala kungathe kumwazika, ndipo palibe mankhwala amodzi okonza ponse patatu. Ntchito yoyamba ndi kudziwa kuti kukumwazikira pati.

Tiyambe ndi chifukwa chake zimenezi zimaonekera kwambiri usiku. Masana mwana wa diso, kabowo kakuda ka pakati kaja, amakhala wamng'ono, mwina mamilimita 2 kapena 3. Kukada amakula kufika mamilimita 6 kapena 7 mwa munthu wachinyamata, kuti kuwala kochuluka kulowe. Akakula chotero kuwala kumadutsanso m'mbali mwa kagalasi ka m'kati mwa diso, kumene sikulunjika bwino ngati pakati. Kavuto kakang'ono ka maso kamene masana kamabisala kamayamba kuonekera. Pamwamba pa apo, diso limene lazolowera mdima likawombedwa ndi magetsi amphamvu limafuna kanthawi kuti liyambenso kuona zinthu zakuda, ndipo kanthawi kameneka kamatalika munthu akamakula.

Kanthawi kameneka tikaike m'mamita. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Ngati maso anu atenga masekondi atatu kuti abwerere mwakale, mwayenda mamita opitirira 65 musakuona bwino. Pa msewu wa M1, kumene malo ambiri kulibe magetsi a mumsewu, m'mamita amenewo mungathe kukhala wakabaza wopanda nyale, ngolo ya ng'ombe, kapena munthu wovala zakuda akuyenda m'mphepete mwa phula. Anthu amenewa amakhala kumanzere kwanu, pamalo pomwe mdima umachita kukhuthala magetsi a mnzanu akakuwalirani.

Galasi lakutsogolo la galimoto ndi pamene payenera kuyambira, chifukwa kukonza pamenepa sikudya ndalama. Anthu amatsuka kunja nkuiwala m'kati. M'kati mwa galasi mumamatirira kamafuta kopyapyala kochokera ku mpweya wa anthu, utsi wa fodya, ndi nthunzi imene pulasitiki ya dashibodi imatulutsa ikatenthedwa ndi dzuwa. Masana simukaona, koma usiku kamachititsa kuti getsi lililonse lizunguliridwe ndi chifunga. Kupukuta ndi chikhatho kapena chisanza cha mafuta chomwe chimakhala pansi pa mpando kumangokapaka ponseponse. Tengani nsalu ziwiri zoyera. Yoyamba muinyowetse m'madzi amene mwadonthezamo sopo wamadzi wotsukira mbale pang'ono chabe, mupukute galasi lonse, kenako muumitse ndi yachiwiri. M'kati pukutani chokwera ndi chotsika, kunja mupukute chopingasa. Mukatero, mizere ikatsala mudziwa msanga mbali imene yatsalira.

Mawaipa nawo amawononga galasi mwakachetechete. M'chilimwe, fumbi likakhala pagalasi dalaivala nkuyatsa mawaipa popanda madzi, mchenga umakokedwa ndi labala nkusiya timikwasa tokhota. Usiku timikwasa timeneti timasandutsa getsi lililonse kukhala mzere wautali wa kuwala umene umapendekeka pamene galimoto yobwerayo ikuyandikira. Mukayendetsa chikhadabo nkumva chikukodwa, mkwasawo ndi wakuya ndipo kupukuta sikungauchotse. Galasi limene layenda zaka zambiri kumbuyo kwa malole limakhalanso ndi timaenje tosawerengeka togomedwa ndi timiyala. Loterolo limafuna kusintha basi.

Tsopano magalasi a maso, amene ndi nkhani yaitali. Galasi lililonse loonekera limabweza kuwala kwina m'malo mokulola kudutsa. Magalasi apulasitiki wamba, amene ku shopu amawatchula ndi nambala ya 1.5, amabweza pafupifupi magawo 4 pa 100 aliwonse kumaso kwake ndi magawo ena 4 kumsana kwake, onse pamodzi pafupifupi 8. Magalasi opyapyala a 1.67, amene amapatsidwa kwa anthu a mphamvu zazikulu, amabweza ochuluka, pafupifupi 12. Kutayika kwa kuwalako si vuto lalikulu. Vuto ndi kumene kuwala kobwezedwako kumapita. Kwina kumanjanja m'kati mwa galasi pakati pa nkhope ziwirizo nkulowa m'diso pamalo olakwika, ndipo dalaivala amaona kachithunzi kachiwiri kozimiririka pambali pa getsi lenileni. Kwina kumachokera kumbuyo. Magetsi a galimoto yokutsatirani, kapena kuwala kwa pagalasi loonera m'mbuyo, amagunda kumsana kwa magalasi anu nkubwerera m'diso mwachindunji.

Kotingi yoletsa kunyezimira, imene pa risiti amailemba kuti AR, inapangidwira zimenezi. Ndi timiyalo topyapyala kwambiri, tosaoneka ndi maso, timene amatimata pagalasi m'makina ochotsedwa mpweya. Makulidwe ake amayezedwa molingana ndi mafunde a kuwala, kotero kuti kuwala kobwerera kuchokera pa muyalo wina kumakumana ndi kochokera pa muyalo unzake nkuzimitsana. Zotsatira zake, kuwala kobwezedwa kumatsika kufika pa gawo limodzi pa 100 kapena kucheperapo. Mungathe kudziwa nokha ngati magalasi anu ali nayo. Agwireni pansi pa babu nkuwapendeketsa. Mukaona chithunzi cha babu choyera ndi chowala, alibe. Mukaona chozimiririka, chobiriwira kapena chofiirira pang'ono, ali nayo.

Apa ndi pamene ambiri amagwiritsidwa fuwa lamoto, ndipo ogulitsa ena sanena zoona zonse. Kotingi imeneyi sichepetsa mphamvu ya magetsi a galimoto yobwera. Imalola kuwala kochuluka kudutsa kuposa kale. Chimene imachotsa ndi zithunzi zabodza ndi kunyezimira kopangidwa ndi magalasiwo. Ndiye kwa munthu amene amavala kale magalasi a mphamvu, makamaka opyapyala aja, ndi yofunika ndipo ndalama yake siipita pachabe. Koma munthu amene maso ake safuna magalasi akagula opanda mphamvu okhala ndi kotingi, sapindula kalikonse. Wangoonjezera chinthu china choti chizidetsedwa patsogolo pa maso ake.

Magalasi achikasu amene amagulitsidwa ngati a usiku ndimawakana poyera. Mtundu uliwonse umene waikidwa pagalasi umadya kuwala. Getsi lobwera limaoneka lofewerapo, dalaivala nkumva bwino, koma wakabaza uja nayenso wadererapo. Mu 2019 ofufuza a ku Schepens Eye Research Institute ku Boston anayesa magalasi otere pa makina oyerekezera kuyendetsa usiku, ndipo anapeza kuti sathandiza dalaivala kuona msanga munthu woyenda pansi. Miyezo ya mayiko onse ya magalasi imanenanso kuti galasi lolola kuwala kosakwana magawo 75 pa 100 si loyenera kuyendetsera usiku. Magalasi adzuwa, ngakhale odula aja ochotsa kunyezimira kwa pamadzi ndi pa phula masana, asavalidwe kukada. Amene amada okha padzuwa nkuyera m'nyumba alibe vuto ngati akuyereratu. Akakalamba ena amatsalira ndi kamtundu, choncho aikeni papepala loyera usiku muone.

Kotingi yabwino imafa msanga ikasamalidwa molakwika, ndipo yowonongeka imathobwa kuposa galasi lopanda kotingi. Adani ake ndi awiri, mchenga ndi kutentha. Fumbi lathu lili ndi timchenga tolimba kuposa pulasitiki. Mukapumira pagalasi nkupukuta ndi m'mphepete mwa malaya kapena chitenje, mukulikhula ndi timchenga timeneto. Tsiku limodzi simuona kanthu, koma pakatha miyezi pakati pa galasi, pomwe diso limayang'anira, pamadzaza timizere tozungulira. Kutentha nako kumachita zake. Pulasitiki ndi kotingi sizifutukuka mofanana, ndiye magalasi akasiyidwa pa dashibodi dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, kapena akatsukidwa ndi madzi otentha, kotingi imang'ambika timing'alu tosawerengeka. Mukawaunika ndi tochi chapambali m'chipinda cha mdima, timing'aluto timaoneka ngati ukonde wa kangaude. Zikafika apo palibe chopukutira chimene chingathandize, ndipo musalole wina akupakireni polishi kapena mankhwala otsukira mano, chifukwa zimenezo zimangomaliza kotingi yotsalayo. Mpofunika magalasi ena.

Katsukidwe koyenera nkosavuta. Sambani m'manja kaye. Thirani madzi ozizira kapena ofunda pang'ono pa magalasi kuti fumbi lichoke musanawakhudze. Ikani kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale pa galasi lililonse, mupake ndi nsonga za zala mbali zonse ziwiri, osaiwala timapilo ta pamphuno ndi m'mphepete mwa felemu momwe mafuta a pankhope amabisala. Tsukuluzani bwino, kutumulani madziwo pang'ono, nkuumitsa ndi kansalu kofewa kamene kamabwera ndi magalasi. Kansaluko nakonso kamafuna kuchapidwa, apo ayi kamangobwezera mafuta pomwe munachotsa. Sopo wosambira wokhala ndi mafuta odzola amasiya chifunga. Mankhwala otsukira mawindo ndi ochotsera utoto wa m'zikhadabo amadya kotingi. Dalaivala woyenda usiku azitsuka magalasi asananyamuke, osati akaona kuti zafika poipa ali kale pa msewu.

Ngati galasi la galimoto ndi loyera, magalasi a maso ali bwino, koma nkhata za kuwala zikadalipo, ndiye kuti nkhani ili m'diso. Maonekedwe a kuwalako amapereka chithunzi cha chimene chavuta, ngakhale kuti chigamulo ndi cha ku chipatala.

Getsi likamaoneka lotambasuka ngati mzere kapena nyenyezi yokokedwera mbali imodzi, kawirikawiri ndi asitigimatizimu, kutanthauza kuti khungu loonekera la kutsogolo kwa diso silinakhote mofanana mbali zonse. Papepala la magalasi vutoli limalembedwa pansi pa CYL ndi AXIS. Magalasi oyenera amalithetsa, koma felemu ikapindika galasi nkupendekeka, mizere ija imabwerera. Palinso anthu, makamaka achinyamata, amene masana amaona patali bwinobwino koma kukada maso awo amatsamira ku kuona pafupi. Kamphamvu kochepa ngati -0.50 nkokwanira kusandutsa magetsi akutali kukhala mipira ya chifunga.

Kuwala kukamasintha mukaphethira, kuyera kwa kanthawi nkuyambanso kumwazika, ganizirani za kuuma kwa maso. Pamwamba pa diso pamakhala kamuyalo ka misozi kamene kamasalaza malo olowera kuwala. Munthu akatong'ola maso pa msewu amaphethira mochepa, ndipo mphepo ya pawindo kapena ya fani yolunjika kumaso imaumitsa kamuyaloko. Tembenuzirani mphepoyo kumapazi, muziphethira mwadala, ndipo madontho a misozi yochita kupanga amathandiza. Koma chenjerani ndi madontho ogula chigulire a maso ofiira. Ena ali ndi masiteroyidi, mankhwala ochepetsa kutupa amene akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amakweza mphamvu ya madzi a m'diso ndi kuyambitsa ng'ala.

Pali mtundu umodzi wa nkhata umene suyenera kudikira kuti kuche. Munthu akaona nkhata za mitundu ya utawaleza kuzungulira magetsi, diso likupweteka kwambiri, lafiira, mutu ukuwawa mbali imodzi, mwina nkumachita nseru kapena kusanza, ikhoza kukhala gulakoma yadzidzidzi, kutanthauza kukwera msanga kwa mphamvu ya madzi a m'diso. Njira yotulukira madzi a m'diso imakhala yatsekeka, ndipo diso lingathe kuwonongekeratu m'kanthawi kochepa. Ameneyo apite ku chipatala usiku womwewo, wina amuyendetse.

Koma chimene chimavutitsa madalaivala ambiri opitirira zaka 50 ndi ng'ala, ndipo apa tiyerekeze munthu mmodzi kuti tione mmene kufufuza kumayendera. Tinene kuti ndi bambo wa zaka 58, ali ndi matenda a shuga, amayendetsa minibasi pakati pa Lilongwe ndi Dedza, ndipo ulendo wake womaliza umathera mu mdima. Magalasi ake atha zaka zinayi. Akuti masana amaona bwino, koma usiku malole akamabwera msewu wonse umasanduka woyera.

Madzulo ena aimike galimoto pamalo abwino pomwe akuona getsi limodzi lakutali. Aliyang'ane kudzera pa galasi lakutsogolo, kenako atuluke aliyang'ane ali panja. Mizere yokhota yomwe amaiona ali m'kati yasowa, ndiye kuti imeneyo inali ya mawaipa. Koma nkhata ikadalipo. Agwire magalasi ake nkuwapendeketsa pang'ono uku akuyang'anabe getsilo. Kachithunzi kachiwiri ndi timizere tina tikuyenda limodzi ndi magalasi, choncho timeneto ndi ta magalasi. Awavule. Getsi lasokonekera chifukwa mphamvu yachoka, koma chifunga chozungulira chija sichinachoke. Aphethire kangapo, palibe kusintha, ndiye si kuuma kwa maso. Chomaliza, avalenso magalasi, atseke diso lamanzere ndi chikhatho, kenako lamanja. Ndi lamanzere lokha getsi likuoneka bwino ndithu. Ndi lamanja lokha pali chifunga chachikulu. Galasi la galimoto silingasankhe diso limodzi. Ngati galasi la kumanja la magalasi ake silinawonongeke kuposa linzake, chatsala ndi diso lamanjalo.

Ku chipatala adzamuwerengetsa zilembo za pakhoma ali pa mtunda wa mamita 6. Apa pali msampha. Zilembo zimenezo ndi zakuda bii papepala loyera, m'chipinda mopanda getsi lomuwalira kumaso. Munthu wa ng'ala yongoyamba angathe kuwerenga mpaka mzere wa zilembo zing'onozing'ono wa 6/9 nkuuzidwa kuti maso ali bwino. Nchifukwa chake ayenera kunena momveka kuti, "Ndimayendetsa usiku, ndipo magetsi akandiwalira diso lamanja siliona." Woyeza wodziwa ntchito akamva zimenezo amaunikira tochi chapambali pa diso munthu akuwerenga, nkuona ngati mizere yowerengeka ikuchepa. Kenako amayeza mphamvu ya magalasi, amayang'ana diso pa makina okulitsa okhala ndi kuwala kopyapyala, amayeza mphamvu ya madzi a m'diso, imene mwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21, ndipo amathira madontho okulitsa mwana wa diso kuti aone kagalasi konse ndi kumbuyo kwa diso. Kwa wodwala shuga kuona kumbuyoku nkofunika chaka chilichonse. Madonthowo amasiya maso akuthobwa kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, kotero tsiku limenelo asapite akuyendetsa yekha, ndipo asakonze zogwira ntchito madzulo ake.

Mwa munthu ngati ameneyu si zachilendo kupeza ng'ala ya kumsana kwa kagalasi ka m'diso, mtundu umene umakonda odwala shuga ndi omwe amwa masiteroyidi nthawi yaitali. Kamakhala kachigamba kakang'ono, koma kali pakati penipeni pa njira ya kuwala. Mu mdima mwana wa diso ali wamkulu, kuwala kumalambalala kachigambako. Magetsi a lole akangowala, mwana wa diso amachepa, ndipo kuwala konse kumakakamizika kudutsa pa kachigamba pomwepo. Ndiye chifukwa chake bamboyu amati msewu umayera nthawi imene akufunitsitsa kuona. Palibe kotingi, madontho kapena mankhwala azitsamba amene amasungunula ng'ala. Imachoka ndi opaleshoni, imene kawirikawiri siipitirira theka la ola, munthu ali maso atangobayidwa kapena kuthiridwa mankhwala ochititsa dzanzi. Kagalasi kachifungako amakachotsa nkuikamo kapulasitiki. Sipafunika kudikira kuti diso lichite kuyereratu. Ngati ng'ala ikulepheretsa munthu ntchito yake, nthawi yokambirana za opaleshoni yakwana.

Ndondomeko ya kagwiritsidwe ntchito ka ndalama ikhale yotere: opaleshoni kaye, magalasi pambuyo. Mphamvu ya diso imasintha kagalasi katsopano kakalowa, ndipo imakhazikika pakatha masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Akagula magalasi odula a kotingi asanachitidwe opaleshoni, galasi la kumanja lidzakhala lotaya. Shuga nayenso akhale wokhazikika pa nthawi yoyezetsa, chifukwa akakwera kwambiri amasintha mphamvu ya diso kwa masiku kapena masabata, ndipo magalasi oyezedwa nthawi imeneyo sakhalitsa. Zikachitika kuti patapita miyezi kapena zaka chifunga chabwerera m'diso lochitidwa opaleshoni, si kuti ng'ala yameranso. Kathumba kosungira kagalasi katsopano ndi kamene kachita chifunga, ndipo amakaboola ndi kuwala kwamphamvu kwa makina otchedwa laser m'mphindi zochepa.

Kopita kulipo. Zipatala za m'maboma zili ndi ogwira ntchito ophunzira za maso amene amayeza ndi kutumiza odwala patsogolo. Ku Blantyre kuli chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Queen Elizabeth, ku Lilongwe kuli gawo la maso pa Kamuzu Central, ndipo chipatala cha mishoni cha Nkhoma chimadziwika ndi maopaleshoni a ng'ala. Popita tengani magalasi onse amene mumavala ndi mankhwala amene mukumwa. Dalaivala wopitirira zaka 40 aziyezetsa pakatha zaka ziwiri zilizonse ngakhale asakumva vuto, popeza gulakoma wamba sapweteka ndipo amayamba kudya kuona kwa m'mbali, komwe oyenda pansi amatulukira.

Podikira tsiku la opaleshoni, bambo uja ndi bwino apemphe kusinthana maulendo ndi mnzake kuti aziweruka kusanade. Ngati mdima wamupeza panjira, pali zochepa zoti achite. Asayang'ane m'magetsi obwera, koma atsitsire maso kumphepete kwa msewu kumanzere nkumatsata mzere kapena malire a phula. Achepetse kuwala kwa pa dashibodi, azimitse getsi la m'kati, ndipo akankhe kachitsulo ka pansi pa galasi loonera m'mbuyo kuti magetsi a omutsatira asamulase. Magetsi ake omwe awaone. Zivundikiro zapulasitiki zikachita chikasu zimamwaza kuwala, ndipo mababu a LED oikidwa m'magetsi a galimoto opangidwira mababu akale nthawi zambiri amaponya kuwala m'mwamba, m'maso mwa anzake, amene nawo amabwezera ndi fulu. Ndipo atsitse liwiro galimoto yobwera isanafike pafupi. Pa makilomita 80 pa ola, kuona chinthu, kuponda buleki ndi kuima pa phula louma kumadya mamita pafupifupi 70, mtunda umene magetsi a dimu nthawi zambiri safika. Pa makilomita 50 pa ola mtunda womwewo umatsika kufika pa mamita pafupifupi 35.